Yureya watuluka ndi mayinasi mu rigireshoni: kodi ndimuchotse?

Funso

Zikomo akatswiri. Ndikulemba lipoti la kafukufuku wa chimanga m'minda 60 ya kuno ku Salima, mbali za Khombedza ndi Chinguluwe. Ndikayesa yureya payekha, kilogalamu iliyonse ikuwonjezera makilogalamu 11 a chimanga pa ekala. Koma ndikangoikamo NPK, yureya akutembenuka n'kukhala mayinasi. Kodi ndimuchotse mu modelo, kapena ndilembe kuti yureya akuchepetsa zokolola? Zonse zili mu makilogalamu pa ekala.

```
zokolola |  Coef.  Std. err.     t    P>|t|    VIF
npk      |  15.9     6.8       2.35   0.022   10.26
urea     |  -4.1     6.8      -0.61   0.547   10.26
n = 60    R-squared = 0.364
r(npk,urea)=0.95  r(zokolola,npk)=0.60  r(zokolola,urea)=0.55
SD: npk 20, urea 20, zokolola 400
```

Yankho

Musalembe kuti yureya akuchepetsa zokolola, ndipo musathamangire kumuchotsa. Kompyuta sinalakwitse masamu. Minda yanu 60 ili ndi yankho labwino pa funso lakuti feteleza awiriwa akathiridwa limodzi amabweretsa chimanga chochuluka bwanji, koma ilibe zokwanira kuyankha kuti mwa awiriwo ndani wachita zingati. Rigireshoni mwaifunsa funso lachiwirili, ndiye yakupatsani nambala yogwedezeka.

Yambani ndi kuyang'ana 6.8 amene waima pafupi ndi -4.1. Mukamuchulukitsa kawiri mupeza pafupifupi 13.5, ndipo malire a 95 peresenti a koefishenti ya yureya akuyambira cha pa -18 kukafika cha pa +9. M'kati mwa malire amenewo muli ziro, muli +5, muli +8. Deta yanu ikugwirizana ndi zoti yureya amathandiza ndithu, ikugwirizananso ndi zoti sathandiza. Mayinasi amene wakudetsani nkhawayo wangogwera pakati pa mpata waukulu chonchi.

Gwero la zonsezi ndi 0.95 uja. Mlimi wa kwathu kuno sagula feteleza mwachisawawa. Wokulitsa ndi wobereketsa amayenda pawiri, ndipo ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, yomwe inayamba mu 2020, inakhazikika pa thumba limodzi la NPK ndi limodzi la yureya, lililonse la makilogalamu 50. Amene ali ndi ndalama amaonjezera onse awiri, amene alibe amagawana ndi abale onse awiri. Choncho pa mndandanda wanu, mukadziwa NPK wa munthu, yureya wake mwamudziwa kale pafupifupi yense. Izi ndi zomwe amazitcha maltikolineyariti: mavariyebo ofotokozera akuyendera limodzi kwambiri moti imodzi ingathe kuloseredwa kuchokera ku inzake.

Zili ngati asodzi awiri a ku Senga Bay amene tsiku lililonse amapalasa bwato limodzi. Liwiro la bwatolo mungaliyeze bwinobwino. Koma kuti mudziwe mphamvu za aliyense, mufunika masiku amene mmodzi anapalasa kwambiri mnzake atafooka, ndipo masiku oterowo akakhala ochepa, chilichonse chimene munganene za munthu mmodzi ndi chongopenekera.

Koefishenti ikuyeza chiyani kwenikweni

Apa ndipo pamene ambiri amasokonezeka, ndiye tiyendepo pang'onopang'ono. Pamene munayesa yureya payekha, 11 uja ankafananiza alimi othira yureya wambiri ndi othira wochepa, osalabadira china chilichonse. Koma othira yureya wambiriwo ndi omwenso anathira NPK wambiri, kotero 11 wanyamula ntchito ya feteleza onse awiri. Mungadzitsimikizire nokha ndi manambala anu omwe: popeza SD ya awiriwa ndi yofanana, kilogalamu imodzi yoonjezera ya yureya imabwera ndi 0.95 ya kilogalamu ya NPK, ndipo

```
-4.1 + (15.9 × 0.95) = 11.0
```

Manambala awiriwa sakutsutsana ayi. Akuyankha mafunso osiyana.

Mukaika onse awiri, koefishenti ya yureya imafananiza alimi amene anathira NPK wofanana koma yureya wosiyana. Masamu ake amachita izi: amayamba alosera yureya wa munthu aliyense kuchokera ku NPK wake, n'kuchotsa gawo loloseredwalo, n'kugwiritsa ntchito chotsalacho chokha. Frisch ndi Waugh anasonyeza mu 1933 kuti koefishenti ya mu rigireshoni ya mavariyebo angapo ndi yofanana ndendende ndi imene mungapeze poyesa zokolola ndi chotsala chimenechi. Ndiye funso n'lakuti chotsalacho n'chachikulu bwanji. NPK akufotokoza 0.95 × 0.95, kutanthauza 0.9025, ya kusiyanasiyana kwa yureya. Chotsala ndi 0.0975, chosakwana gawo limodzi mwa khumi. Mu makilogalamu, SD ya 20 ija yatsika kufika pa

```
20 × √0.0975 = 6.2
```

Ndiye kuti -4.1 wachokera pa kusiyana kwa makilogalamu sikisi okha pa ekala pakati pa mlimi ndi mnzake, pomwe zokolola zikusiyana ndi makilogalamu mazanamazana chifukwa cha nthaka, mvula, mbewu, kaufiti, tsiku lobzala ndi kapalidwe. Kufunafuna ntchito ya makilogalamu sikisi m'kati mwa phokoso lotere n'kovuta, ndipo 6.8 uja ndi kompyuta ikukuuzani zomwezo.

VIF ndi njira ina yonenera chinthu chomwechi. Mumatenga variyebo imodzi, n'kuiyesa ndi mavariyebo ena onse ofotokozera, zokolola osaziikamo, kenaka mutenge R² wa pamenepo:

```
VIF = 1 / (1 − R²j) = 1 / 0.0975 = 10.26
√10.26 = 3.2
```

Nambala yothandiza kwambiri ndi 3.2. Ikutanthauza kuti `Std. err.` ya yureya yakula katatu ndi pang'ono poyerekeza ndi mmene ikanakhalira awiriwa akanakhala osayendera limodzi. Ikanakhala 2.1, koma ili 6.8. Ngati mumagwiritsa SPSS muona `Tolerance` ya 0.098, yomwe ndi 0.0975 yemwe uja, VIF yotembenuzidwa. Ndipo kukulaku sikuyenda mofanana. Korileshoni ya 0.5 imapereka VIF ya 1.3, ya 0.8 imapereka 2.8, ya 0.9 imapereka 5.3, pomwe ya 0.99 imafika pa 50. Kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.8 simutaya zambiri, koma kupitirira 0.9 zinthu zimaipa mofulumira.

Pamene pulasi amasandukira mayinasi

Pa mavariyebo awiri pali lamulo losavuta lodziwira ngati chizindikiro chitembenuke. Koefishenti ya yureya imachokera apa:

```
b = (0.55 − 0.60 × 0.95) / 0.0975 × (400 / 20) = −4.1
```

Yang'anani m'kati mwa mabulaketi. 0.60 × 0.95 ndi 0.57. Ameneyu ndi mgwirizano umene yureya akanakhala nawo ndi zokolola ngakhale akanakhala kuti sachita kalikonse, kungoti amayenda ndi NPK. Mgwirizano weniweni mwaupeza ndi 0.55, wotsika ndi 0.02 yekha. Kusiyana kochepaku kukugawidwa ndi 0.0975, ndiko kuti kukukuzidwa kakhumi, n'kutuluka ngati mayinasi wooneka bwino.

Tsopano tiyerekeze kuti munafunsa alimi ena 60 a m'midzi yomweyo, ndipo 0.55 anatuluka 0.59. Pa minda 60 kusuntha kwa 0.04 pa korileshoni si chinthu chodabwitsa, minda iwiri kapena itatu ingakubweretse. Pamenepo yureya akanakhala +4.1 ndipo NPK akanatsika kuchoka pa 15.9 kufika pa 8.1. Lipoti lanu likananena zosiyana kotheratu, m'munda musanasinthe kanthu.

Koma taonani chimene sichinasunthe. Poyamba 15.9 kuchotsa 4.1 ndi 11.8. Kachiwiri 8.1 kuphatikiza 4.1 ndi 12.2. Imodzi ikakwera inzake imatsika, chiphatikizo chake n'kukhala pomwepo. Chimenechi ndicho chizindikiro chodalirika cha vutoli, kuposa VIF imene. Chizindikiro china ndi R²: NPK payekha akupereka 0.36, ndipo mutaonjezera yureya wangofika pa 0.364, chonsecho makoefishenti asintha kwambiri.

Ndikuchenjezeninso za 15.9 wa NPK. Popeza p yake ndi 0.022, n'kosavuta kumukhulupirira n'kumati NPK ndiye wapambana. Malire ake akuyambira cha pa 2 kufika cha pa 29. Wakula chonchi chifukwa yureya wagwera pansi, ndipo zolakwika za awiriwa n'zomangirirana. Simungakane -4.1 n'kusunga 15.9 ngati kuti anachokera kwina.

Si mayinasi aliyense amene ali wangozi

Zomwe ndafotokozazi ndi mayinasi wobwera chifukwa cha kugwedezeka. Pali wina amene amachokera m'munda mwenimweni, ndipo VIF singakuuzeni za iye. Muyenera kufunsa kuti alimi amene anathira yureya wambiri kuposa mmene NPK wawo akulozera ndi ndani, chifukwa koefishenti yonse yatsamira pa iwowo.

Ganizirani za nthaka ya mchenga ya kufupi ndi nyanja. Mvula yamphamvu ikagwa motsatizana, naitirojeni amakokoloka kupita pansi, chimanga n'kuchita chikasu. Mlimi akaona zimenezo amathamangira kukagula yureya wapambale n'kuthiranso. Munda umenewo unali kale pa mavuto, ndipo ukolola zochepa ngakhale yureya wachiwiriyo atathandizako. Mu deta mudzaoneka yureya wambiri ndi zokolola zochepa, koma ndi kufooka kwa chimanga kumene kunaitana yureya. Chimodzimodzi mlimi amene NPK anamupeza mochedwa kapena wosakwanira, n'kuyesa kubwezera ndi wobereketsa chimanga chitakula kale. Mayinasi wotere sangachoke ngakhale mutafunsa alimi 5,000. Adzangokhala wolimba, p yake n'kuchepa, koma tanthauzo lake n'kukhalabe lolakwika. Mankhwala ake ndi kuika mu modelo mtundu wa nthaka, tsiku lobzala ndi tsiku lothira feteleza, ngati munazifunsa.

Palinso nkhani ya kayezedwe. Manambala a feteleza anachokera m'kukumbukira kwa mlimi miyezi ingapo chikololere. Thumba la yureya nthawi zambiri silithera m'munda umodzi: wina amatapako ndowa ya kudimba, wina amagawirako mayi ake, wina amathirako mpunga. Tinene kuti mayankho a yureya akuphonya ndi makilogalamu asanu uku ndi uku. Pa SD ya 20 zimenezo n'zochepa. Koma kumbukirani kuti rigireshoni ikugwiritsa ntchito chotsala cha 6.2 chokha. Mukachulukitsa iliyonse ndi iyo yomwe, 5 × 5 ndi 25 pomwe 6.2 × 6.2 ndi pafupifupi 38, kutanthauza kuti kuposa theka la chotsalacho lingakhale kuphonya kwa mayankho. Zikatero koefishenti ya variyebo yoyezedwa molakwikayo imakokeredwa ku ziro, ndipo ntchito yake imapatsidwa kwa inzake yoyezedwa bwino. N'kutheka kuti NPK akuoneka wamphamvu chifukwa alimi amamukumbukira bwino, osati chifukwa cha zimene anachita m'nthaka.

Kuti musiyanitse zinthu zimenezi, jambulani chithunzi cha zotsala. Mu Stata:

```
regress zokolola npk urea
estat vif
avplot urea, mlabel(id)
dfbeta
lincom npk + urea
```

Mu R, mutasunga modelo ndi `m <- lm(zokolola ~ npk + urea)`, ndi `car::vif(m)`, `car::avPlots(m)` ndi `dfbetas(m)`. Pa chithunzi cha `avplot`, minda yambiri idzaunjikana pakati, pafupi ndi ziro, chifukwa inathira thumba ndi thumba. Ochepa adzakhala kutali kumanja ndi kumanzere, ndipo amenewo ndiwo akupendeketsa mzere. Tengani manambala awo, mubwerere ku mafomu. Onani ngati wina sanalembe matumba m'malo mwa makilogalamu, kapena mahekitala m'malo mwa maekala, pakuti hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka ndipo cholakwika chimodzi chotero n'chokwanira kutembenuza chizindikiro. Ngati manambala ali olondola, onani ngati minda ya kumanja kwenikweni ili ya mudzi umodzi, ya mchenga, kapena yobzalidwa mochedwa. Mukapeza kuti ikufanana pa chinthu china, mwapeza variyebo imene ikusowa mu modelo.

Yesaninso kubwereza rigireshoni kambirimbiri posankhanso minda mwamwayi kuchokera mu 60 yomweyo, zimene Stata imachita ndi `bootstrap`. Pa t ya -0.61 muyembekezere kuti yureya atuluka pulasi pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse. Nambala imene imasintha chizindikiro kawirikawiri chonchi siyoyenera kumangirapo uphungu wopita kwa alimi.

Bwanji osangochotsa imodzi

Mukachotsa yureya, VIF igwa kufika pa 1, NPK akhala 12 ndi `Std. err.` ya pafupifupi 2.1, tebulo lioneka laukhondo. Koma 12 ameneyo si wa NPK. Ndi wa NPK pamodzi ndi yureya amene amabwera naye, ndipo wowerenga lipoti adzaganiza kuti thumba la NPK palokha limabweretsa matumba 12 a chimanga. Mwachotsa chenjezo n'kusiya cholakwika chosaoneka. Njira zosankha mavariyebo zokha, monga `stepwise`, zimachita zomwezi mosakufunsani, ndipo pa deta ngati yanu zimasankha wopambana potengera 0.02 uja.

Za ulimi nazo zikukana. Yureya ali ndi naitirojeni 46 peresenti, NPK wa chimanga ali ndi 23 peresenti. Pa milingo imene alimi ang'onoang'ono amathira, palibe chifukwa chomveka choti naitirojeni wa m'thumba limodzi akweze zokolola pomwe wa m'thumba linalo akuzitsitsa. Nambala ikatsutsana ndi zimene zimadziwika bwino, ndipo malire ake ali otambalala chonchi, kukayikira kuyambire pa nambalayo.

Chimene ndingachite ndi deta yanu ndi kusintha funso kuti ligwirizane ndi zimene detayo ingayankhe. Pangani mavariyebo awiri atsopano:

```
gen pamodzi  = (npk + urea)/2
gen kusiyana = (npk - urea)/2
regress zokolola pamodzi kusiyana
```

Modelo ndi yomweyo, R² akhalabe 0.364, palibe chimene mwataya. Koefishenti ya `pamodzi` ituluka 11.8 ndi `Std. err.` ya 2.1, malire ake kuyambira 7.5 kufika 16.1, zomwenso `lincom npk + urea` ikupatseni. Tanthauzo lake n'lomveka kwa aliyense: kilogalamu imodzi ya NPK pamodzi ndi imodzi ya yureya zikuyenda ndi makilogalamu pafupifupi 12 a chimanga. Thumba ndi thumba pa ekala ndi makilogalamu 590, matumba pafupifupi 12, ndipo malire ake ndi matumba 7 ndi theka kufika 16. Matumba awiriwo ali ndi naitirojeni wokwana makilogalamu 34.5, kotero ndi makilogalamu 17 a chimanga pa kilogalamu ya naitirojeni, nambala imene wa zaulimi angathe kuiyerekeza ndi zopeza za ena.

Koefishenti ya `kusiyana` ituluka 20.0 ndi `Std. err.` ya 13.4. Imeneyi ndiyo ikufunsa ngati NPK amaposa yureya, ndipo t yake ya 1.5 siikwana kuti munene motsimikiza. Chonde onani chinthu chimodzi apa. Popeza SD za feteleza awiriwa n'zofanana, `pamodzi` ndi `kusiyana` sayendera limodzi m'pang'ono pomwe, VIF yawo ndi 1. Komabe kusadziwa kuja kudakalipo, kwangosamukira mu 13.4. Kutsitsa VIF sikuonjezera chidziwitso chimene mulibe mu deta. Kumangoika poyera chimene mukudziwa ndi chimene simukudziwa.

Mukhozanso kugwiritsa ntchito naitirojeni yense, `0.23*npk + 0.46*urea`, ngati variyebo imodzi. Njira imeneyi ili ndi maziko a zaulimi, koma ikutenga ngati kuti fosifolasi ndi salufa wa mu NPK sachita kanthu, ndiye muzinene poyera. Musaike naitirojeni yenseyo pamodzi ndi `npk` ndi `urea` mu modelo imodzi. Wachitatuyo ndi chiphatikizo chenicheni cha awiriwo, masamu sangatheke, ndipo Stata idzataya imodzi n'kulemba `omitted because of collinearity` pomwe R idzaika `NA`.

Ena adzakuuzani za rigireshoni ya riji, imene Hoerl ndi Kennard anaifalitsa mu 1970. Imakokera makoefishenti a mavariyebo oyendera limodzi kuti ayandikane, ndipo pa deta yanu ingathe kupereka pulasi kwa onse awiri. Ndi yabwino polosera. Koma pulasi ameneyo wachokera mu lamulo limene mwaikamo inu lakuti makoefishenti asakule, osati mu minda, choncho musamutenge ngati umboni wakuti yureya amathandiza mwakutimwakuti.

Za malire a 5 ndi 10

Mudzamva kuti VIF yoposa 10 ndi yoipa, ena amati 5. Amenewa ndi malire a chizolowezi chabe, palibe masamu amene amati pa 9.9 zili bwino ndipo pa 10.1 zaonongeka. `Std. err.` imadalira zinthu zinayi: phokoso la mu zokolola, kuchuluka kwa minda, kutambalala kwa variyeboyo, ndi VIF. Mukanakhala ndi minda 600 ya mtundu womwewu, VIF ikanakhalabe 10.26 koma 6.8 akanatsika kufika pa 2.1, ndipo funso lanu likanayankhika. Mbali inayi, minda 15 yokhala ndi VIF ya 2 ingakupatseni malire otambalala mofanana ndi anuwa. Choyenera kuyang'ana ndi malire a koefishenti imene mukuifuna, n'kudzifunsa ngati ali opapatiza mokwanira kuti munthu apangirepo chiganizo.

Nthawi zina VIF yaikulu ilibe ntchito n'komwe. Mukaika zaka za mwini munda ndi zaka zimene wakhala akulima, ziwirizi zidzayendera limodzi, koma ngati mwaziika pongofuna kuti zisasokoneze feteleza, ndipo sizikugwirizana ndi fetelezayo, zisiyeni. Mukaika `npk` ndi `npk^2` pofuna kuona ngati phindu limachepa feteleza akachuluka, VIF idzakwera kwambiri chifukwa cha kapangidwe kake. Chotsani avereji pa `npk` musanaichulukitse, idzatsika, ndipo koefishenti ya `npk^2` ndi p yake sizisintha. Pa variyebo ya magulu monga dera kapena mtundu wa mbewu, VIF ya gulu lililonse imasintha malinga ndi gulu limene mwalisiya ngati poyerekezera, n'chifukwa chake `car::vif` imapereka `GVIF` ya variyebo yonse.

Kumbali ina, tebulo la makorileshoni a awiriawiri lingakunamizeni mukadzaonjezera mavariyebo. Maekala a chimanga, a mtedza, a mpunga ndi a munda wonse angaoneke osagwirizana kwambiri mukawatenga awiriawiri, koma atatu oyambawo akaphatikizidwa amapereka pafupifupi wachinayiyo. VIF imagwira zimenezi chifukwa imayesa variyebo iliyonse ndi ena onse nthawi imodzi.

Ngati cholinga ndi kulosera zokolola, modelo yanu ili bwino kwa mlimi wothira monga anzake amathirira. Kwa wa thumba ndi thumba, 15.9 ndi -4.1 akupereka 590, pomwe 8.1 ndi 4.1 akupereka 610, kusiyana kochepa. Koma muifunse za mlimi amene anapeza thumba la yureya lokha. Manambala oyamba akuti ataya makilogalamu 205, achiwiri akuti apindula 205. Mlimi wotero mulibe mu deta yanu, ndipo modelo siingamunenere kanthu.

Zolemba mu lipoti, ndi za chaka chamawa

Sonyezani modelo ya mavariyebo awiri monga ilili, ndi malire ake, musabise mayinasi. Pansi pake nenani kuti NPK ndi yureya anali ndi korileshoni ya 0.95 ndi VIF ya 10.3, kotero ntchito ya aliyense payekha sinathe kulekanitsidwa. Kenaka perekani 11.8, wa malire 7.5 mpaka 16.1, ngati chopeza chachikulu. Gwiritsani mawu akuti "zikuyenda ndi" m'malo mwa "zikubweretsa", chifukwa alimi othira feteleza wambiri ndi omwenso kawirikawiri amagula mbewu ya haibulidi, kulemba aganyu ndi kupalira pa nthawi yake, ndipo 11.8 wanyamulako zina mwa zimenezo ngati simunaziike mu modelo.

Ngati funso la yureya payekha n'lofunika kwa amene anakutumani, yankho lili m'kasankhidwe ka minda. Kuonjezera alimi ena a thumba ndi thumba n'kokwera mtengo, mwaona kuti pafunika 600. Chotchipa ndi kufunafuna dala amene anaphwanya chizolowezicho: amene anathira NPK yekha, amene anapeza yureya yekha, amene anathira manyowa pobzala n'kubereketsa ndi yureya, amene anathira thumba limodzi la NPK ndi awiri a yureya. Alangizi a m'deralo amawadziwa anthu amenewa. Korileshoni ikatsika kufika pa 0.7, VIF ikhala pafupifupi 2, ndipo ndi minda 60 yomweyo `Std. err.` ikhala cha pa 3 m'malo mwa 6.8. Mufunsenso tsiku limene anathira ndi chifukwa chimene anathirira choncho, poti alimi amenewa ndi omwe aja angakhale ndi zifukwa zobisika.

Njira yotsimikizika koposa ndi imene malo ofufuzira zaulimi monga Chitala amatsata, yoti wofufuza asankhe yekha chothira. Pa munda uliwonse dulani tizigawo tinayi tofanana: kopanda feteleza, ka NPK yekha, ka yureya yekha, ndi ka onse awiri. Chitani maere posankha kachigawo kolandira chilichonse, mbewu ndi tsiku lobzala zikhale zofanana, feteleza ndi zokolola muziyeze pa sikelo. Mwa kapangidwe kameneka korileshoni ya feteleza awiriwa ndi ziro ndipo VIF ndi 1. Mukabwereza pa minda khumi kapena khumi ndi isanu, ina ya mchenga ina ya makande, mudzathanso kuona ngati yureya amagwira bwino pokhapokha pamene NPK anathiridwa kale, poonjezera `c.npk#c.urea` mu modelo.